Magemu anayi m'masiku 11: apume ndani, atuluke ndani, ndipo liti?

*Funso:* Ndimaphunzitsa timu ya ligi yaing'ono kuno ku Kasungu. Chifukwa cha magemu amene anaimitsidwa komanso chikho, tili ndi magemu anayi m'masiku 11 mwezi wa Okutobala uno: Loweruka pakwathu, Lachitatu ku Mchinji m'chikho, Loweruka pakwathu ndi timu imene tikulimbirana nayo pamwamba, kenako Lachiwiri koyenda. Ndili ndi anyamata 19, awiri ndi magoloboyi. Mphindi za aliyense ndimalemba m'kope, koma sindidziwa chochita nazo. Ndikapumitsa wina masapota amandinena, ndikapanda kutero anyamata amavulala. Ndipange bwanji?

*Yankho:* Akochi, kope lanulo litsegulireni kutsogolo. Ambiri amalemba mphindi gemu ikatha n'kumaziyang'ana ngati mbiri, pamene ntchito yake yeniyeni ndi kugawa mphindi zimene sizinaseweredwe. Magemu anayiwo muwatenge ngati chinthu chimodzi, mugawiretu mphindi zake gemu yoyamba isanayambe, ndipo zimene anyamata akuuzani za kutopa kwawo zikhale zokonzera ndondomekoyo tsiku ndi tsiku.

Tiyambe ndi masamu, chifukwa ndi amene amathetsa mkangano ndi akomiti. Kupatula goloboyi, m'bwalo mumakhala malo 10. Malo 10, mphindi 90, magemu anayi: mphindi 3,600 zoti ziseweredwe ndi anyamata 17. Otchinga pakati awiri, ngati ali bwino, atha kumaliza onse anayi, chifukwa sathamanga liwiro lalikulu kawirikawiri monga anzawo a m'mbali. Amenewo atenga 720. Zatsala 2,880 za malo asanu ndi atatu amene amadya miyendo: otchinga m'mbali awiri, apakati, mawinga ndi womwetsa zigoli. Ine pa nyengo yotere sindilola wa malo amenewa kupitirira mphindi 250 pa 360. Nambala imeneyi si lamulo la m'buku, ndi malire anga, ndipo mutha kuisuntha pang'ono malinga ndi anyamata anu. Asanu ndi atatu odalirikawo akatenga 250 aliyense, zakwana 2,000. Ndiye kuti mphindi 880 ziyenera kugwera anyamata asanu ndi awiri a pa benchi, pafupifupi 125 aliyense.

Tsopano onani chimene masamuwa akuulula. Ngakhale mutalowetsa anthu asanu pa mphindi ya 60 m'gemu iliyonse, zomwe simungachite chifukwa wina ayenera kusungidwa, a pa benchi apeza mphindi 150 pa gemu, 600 pa magemu anayi. Sizikufika 880. Ngati mpikisano wanu umalola atatu okha, ndiye 360 basi. Choncho kusintha osewera gemu ili mkati sikungakupulumutseni pakokha. Pafunika kusintha oyamba, ndipo aliyense wa pa benchi ayembekezere kuyamba gemu imodzi ndi kulowa m'gemu ina imodzi kapena ziwiri. Muwauze zimenezi sabata ino, osati m'mawa wa tsiku la gemu.

Mwina mukudzifunsa ngati kupumitsa munthu amene akuoneka kuti akuthamanga bwino kuli ndi phindu. Kafukufuku wa Grégory Dupont ndi anzake, wofalitsidwa mu 2010, anatsatira osewera 32 a timu ina yaikulu ya ku Ulaya kwa nyengo ziwiri. Anapeza kuti posewera magemu awiri pa sabata, mtunda umene ankathamanga ndi liwiro lawo sizinatsike kwenikweni, koma kuvulala kunakwera kuchoka pa 4.1 kufika pa 25.6 pa maola 1,000 alionse. Awa anali akatswiri okhala ndi madokotala, chakudya chabwino ndi mabedi abwino. Phunziro lake kwa ife ndi lakuti wosewera wotopa sasiya kuthamanga. Amathamangabe mpaka mnofu wa kumbuyo kwa ntchafu utaduka. Sapota wokhala pa chulu kuseri kwa golo sangaone kutopa kwa mtundu umenewu, n'chifukwa chake mawu ake asakhale muyeso wanu. Gemu ya mphindi 90 imasiya tizilonda ting'onoting'ono m'minofu, ndipo imatha mphamvu imene minofu imasunga kuchokera ku chakudya. Kuphwanya kwa thupi kumafika pachimake pakati pa maola 24 ndi 48, ndipo kuti liwiro ndi mphamvu za kumbuyo kwa ntchafu zibwerere pamafunika maola 72, ena kuposa pamenepo. Inu pakati pa gemu yoyamba ndi yachiwiri muli ndi maola 96. Pakati pa yachiwiri ndi yachitatu 72, yachitatu ndi yachinayi 72. Malo oopsa ndi masiku asanu ndi awiri omalizawo, pamene pali magemu atatu.

Mphindi zokha, komabe, zimanama. Mphindi 90 za winga wothamangitsana ndi mnzake pa dzuwa la 2:30 masana mu Okutobala sizifanana ndi 90 za wotchinga pakati pa gemu imene munatsogola 3-0. Njira yotsika mtengo yokonzera zimenezi ndi imene Carl Foster anaitchukitsa, imene m'mabuku amailemba kuti RPE. Pakatha mphindi pafupifupi 30 gemu kapena maphunziro atatha, mumafunsa wosewera kuti, "Lero zinali zolemera bwanji, kuyambira 0 mpaka 10?" Pa 0 ndi kungokhala, pa 3 ndi zapakatikati, pa 5 ndi zolemera, pa 7 zolemera kwambiri, pa 10 ndi pamene munthu alibenso chotsala. Nambala imene wanena muichulukitse ndi mphindi zimene wagwira ntchito, ndipo zimene zatulukazo ndi katundu wa tsikulo. Kudikira mphindi 30 kuli ndi chifukwa: mukafunsa akungotuluka m'bwalo, akuuzani za mphindi zisanu zomaliza osati za gemu yonse.

Titenge winga wanu wa kumanja, timutchule kuti nambala 7. Sabata wamba amasewera gemu imodzi, 90 kuchulukitsa ndi 8, ndiyo 720. Maphunziro anayi, tinene 375, 540, 240 ndi 120. Zonse pamodzi 1,995, tingoti 2,000. Umenewo ndiye katundu umene thupi lake linazolowera, ndipo mumaupeza poyang'ana masabata anayi apitawo. Kuyambira Lachitatu la ku Mchinji kufika Lachiwiri lomaliza, akamaliza magemu onse atatu, magemu okhawo ampatsa 2,160. Mukaonjezerapo maphunziro anu a nthawi zonse, monga 375 Lachinayi, 120 Lachisanu ndi 375 Lolemba, wafika 3,030, kutanthauza katundu wake wozolowera ndi theka lina pamwamba. Akatswiri amatsutsana za pamene penipeni ngozi imayambira, ndipo ine sindikhulupirira kuti pali nambala imodzi yolosera kuvulala. Koma sabata yokwera chonchi ndi chenjezo lokwanira. Muli ndi zogwirira ziwiri zotsitsira nambalayo, kudula maphunziro ndi kudula mphindi za gemu, ndipo muyambe ndi maphunziro chifukwa sapereka mapointi.

Pali katundu wina amene mabuku a ku Ulaya saudziwa. Anyamata anu ambiri sadya mpira. Wina amapalasa kabaza kuchokera pa depoti tsiku lonse, wina amadzuka 4 koloko kukathirira nazale ya fodya ndi makheni awiri, wina akuumba njerwa kapena kugalauza mizere kukonzekera mvula. Miyendo yake ndi yomweyo. Simufunika kuwerengera ntchitoyi ndi masamu, koma m'kope muike kabokosi kakuti dzulo wagwira ntchito yanji: yopepuka, yolemera, kapena palibe. Pa anyamata awiri a katundu wofanana m'bwalo, wa kabaza ndiye ayambe kupuma. Ndipo ngati komiti ili ndi kangachepe, kulipira wa kabazayo ndalama imene akanapeza Lachinayi ndi Lachisanu kuti asakwere njinga kukuthandizani pa gemu ya Loweruka kuposa kugula jezi yatsopano.

Katundu amakuuzani zimene mwaika pa munthu. Mmene thupi lake lazilandirira mumazidziwa m'mawa. Mafunso anayi akwanira, lililonse kuyambira 1 mpaka 5, pamene 5 ndi bwino kwambiri: wagona bwanji, mphamvu zili bwanji, minofu ikumveka bwanji, maganizo ali bwanji. Zonse zikakhala bwino ndi 20. Chofunika kwambiri ndi kuyerekeza munthu ndi iye mwini. Alipo mnyamata wodandaula amene tsiku lililonse amapereka 13, ndipo 13 kwa iye ndi thanzi. Alipo wina wa 18 masiku onse, amene akanena 14 ndiye kuti zinthu zavuta. Ine ndimayamba kufunsa zambiri munthu akatsika ndi 3 kapena kuposa kuchokera pa nambala yake yozolowereka, makamaka zikachitika masiku awiri otsatizana. N'chifukwa chake muyambe kufunsa lero, magemu asanayambe, kuti mudziwe nambala ya aliyense akakhala bwino.

Pa funso la minofu muonjezere kafunso kamodzi: "Pakupweteka pati? Loza." Amene akusisita ntchafu zonse ziwiri ndi chikhatho n'kunena kuti thupi laphwanya, ameneyo ndi kutopa wamba. Amene akuloza ndi chala chimodzi malo amodzi, mwendo umodzi, kumbuyo kwa ntchafu kapena m'mphechepeche, ndipo pakubaya akatambasula mwendo kapena akayesa liwiro, ameneyo si nkhani ya mphindi ayi. Asasewere mpaka ataonedwa ndi wachipatala. Za m'mphechepeche pali kuyesa kwa masekondi asanu. Wosewera agone chagada, miyendo yowongoka, inu muike mkono wanu pakati pa akakolo ake, iye afinye ndi mphamvu zonse kwa masekondi asanu, kenako anene ululu kuyambira 0 mpaka 10. Kuyambira 0 mpaka 2 palibe vuto. Kuyambira 3 mpaka 5 chenjerani ndipo dulani mphindi. Kuyambira 6 kukwera asalowe m'bwalo. Ndipo amene watopa modabwitsa, mutu ukuwawa, thupi likutentha, apite akayezetse malungo m'malo moti mumulembe kuti ndi waulesi.

Njira yonseyi imagwa pa chinthu chimodzi: anyamata amanama. Sanama chifukwa cha mwano. Akudziwa kuti akanena zoona akhala pa benchi, ndipo pa benchi palibe kandalama ka gemu, komanso mwina tsiku limenelo n'kumene kukubwera wina wa timu yaikulu ya ku Lilongwe kudzaona osewera. Muwafunse aliyense payekha, kapena atumize uthenga pa foni, chifukwa pagulu woyamba akanena 6 onse anena 6. Ngati timu imapereka kangachepe ikapambana, pa magemu anayiwa onse 19 alandire mofanana. Komanso musachotse munthu chifukwa cha nambala imodzi yoipa. Akaona kuti kunena 12 kumatanthauza kukambirana osati chilango, ayamba kunena zoona. Chizindikiro choti akukunamizani n'chosavuta: nambala zosasintha. Munthu wasewera 90 dzulo, wafika kunyumba pakati pa usiku, ndipo akuti 18 monga dzana. Ameneyo mukhale naye pansi.

Tsopano tigawe. Sankhani gemu imodzi imene mukufuna timu yanu yonse yamphamvu, ndipo kwa inu ndi yachitatu. Zina zonse ziwerengedwe chobwerera kuchokera pamenepo. Wa malo othamanga amene mukufuna amalize 90 Loweruka lachiwirilo asamalize 90 Lachitatu, chifukwa pali maola 72 okha, kuphatikizapo ulendo wa kudzera ku Santhe ndi Kapiri mpaka pa Kamwendo, kupita ndi kubwera, miyendo itapindika m'minibasi kapena pa lole. Ngati komiti ikufuna chikho kuposa ligi, ikuuzeni lero, ndipo ndondomeko itembenuke. Chosatheka ndi kuti magemu onse awiri muwaike patsogolo.

Nambala 7 uja ndingamugawire chonchi. Gemu yoyamba ayambe, atuluke pa 65. Ku Mchinji akhale pa benchi, alowe pa 60, asewere 30. Gemu yachitatu amalize 90. Yachinayi ayambe, atuluke pa 65. Zakwana 250, ndipo waoneka m'magemu onse anayi, choncho masapota alibe chonena kwenikweni. Mnzake wa kumbuyo kwake, nambala 2, naye afunika kupuma, koma musawapumitse nthawi imodzi, chifukwa mbali yonse ya kumanja ikhala ya anthu awiri osazolowerana ndipo chigoli chilowera kumeneko. Nambala 2 asewere 90 gemu yoyamba, ayambe ku Mchinji n'kutuluka pa 60, amalize 90 gemu yachitatu, yachinayi apume yonse. Zake ndi 240. Onani zimene zikuchitika ku Mchinji pa mphindi ya 60: nambala 2 akutuluka, nambala 7 akulowa, aliyense kusinthana ndi wa malo ake. Mbali imeneyo sikhala yopanda wamkulu ngakhale mphindi imodzi. Chitani chimodzimodzi kumanzere, koma mosemphanitsa magemu, ndipo apakati musawachotse onse pakamodzi. Kusintha oyamba atatu kapena anayi pa gemu timu imakupirira. Mukasintha asanu ndi awiri mwatulutsa timu ina, ndipo ikagonja akomiti sadzakulolaninso kupumitsa munthu.

Alipo amene malire awo ayenera kutsika kuposa 250. Timu iliyonse ili ndi mkulu wa pakati wa zaka zopitirira 30, amene mpira umadutsa mwa iye. Ngati anadukapo mnofu wa kumbuyo kwa ntchafu, dziwani kuti kuvulala kwakale ndi msinkhu ndi zinthu ziwiri zodziwika kwambiri zokweza mpata wovulalanso pamalo amenewo. Ameneyo, timutchule nambala 8, ndingampatse 60 gemu yoyamba, ku Mchinji asakwere n'komwe galimoto, 75 gemu yachitatu, ndi chigawo chimodzi gemu yachinayi. Zonse 180. Kumusiya kunyumba kumamupumitsa kuposa kumukhazika pa benchi, ndipo kumakutetezani inuyo ku mayesero omulowetsa zikavuta.

A pa benchi nawonso ali pa ngozi, ndipo apa ndi pamene makochi ambiri amagwa. Mnyamata amene wakhala mwezi osayamba gemu katundu wake pa sabata ndi wa maphunziro okha, pafupifupi 1,275 pa chitsanzo chathu chija, ndipo liwiro lenileni la gemu sanalilawe. Mukamuponya pa 90 ku Mchinji, iye ndi amene agwire ntchafu pa mphindi ya 70. Yambani kumukonza tsopano. Gemu ikatha, aliyense amene wasewera mphindi zosakwana 30 atsale m'bwalo athamange kuchokera pa mzere wa bokosi lina kufika pa lina, mtunda wa mamita pafupifupi 70 pa bwalo lokwanira, kasanu ndi kamodzi kapena kasanu ndi katatu, mwaliwiro ndithu, akupuma pakati. Tsiku lotsatira, pamene oyamba akungoyenda ndi kutambasula, iwowa asewere kampira ka anayi anayi kolimba. Ndipo poyamba gemu yake yoyamba mumulembere 60 kapena 70, ndi womulowa m'malo wodziwika kale.

Za kusintha gemu ili mkati, yambani ndi malamulo. Bungwe la IFAB, lomwe limayang'anira malamulo a mpira, linalola kusintha osewera asanu mu 2020 chifukwa cha kuthinana kwa magemu nthawi ya Covid-19, ndipo mu 2022 linakhazikitsa zimenezi m'malamulo. Asanuwo amalowa pa mipata itatu yokha gemu ili mkati, ndipo kusintha kwa pa nthawi yopumulira sikuwerengedwa pa mipata itatuyo. Mpikisano uliwonse umalemba nambala yake, choncho werengani malamulo a ligi yanu ndi a chikho padera, musanalembe ndondomeko. Cholakwa chimene ndimachiona kawirikawiri ndi kulowetsa mmodzi pa 55, mmodzi pa 63, mmodzi pa 70. Mipata yatha, anthu awiri afera pa benchi, ndipo wina akavulala pa 80 mumaliza muli 10.

Ndondomeko imene ndimaikonda ndi iyi. Amene walemberedwa chigawo chimodzi atuluke pa nthawi yopumulira, chifukwa mpata umenewo ndi waulere. Pakati pa 60 ndi 65 alowe awiri pakamodzi, ndipo awa ndi a m'kope, olembedwa dzulo lake. Cha pa 75 alowe mmodzi, malinga ndi mmene gemu ikuyendera. Munthu mmodzi ndi mpata umodzi muzisunge mpaka kumapeto. Chifukwa chosankhira 60 mpaka 75 n'chakuti kuthamanga kwa liwiro kumatsika kwambiri m'mphindi 15 zomaliza, ndipo kuvulala kwa minofu kumachuluka kumapeto kwa chigawo chilichonse. Magni Mohr, Peter Krustrup ndi Jens Bangsbo anapeza mu 2003 kuti olowa kumene ankathamanga mtunda wa liwiro wochuluka ndi 25 peresenti m'mphindi 15 zomalizazo poyerekeza ndi amene anayamba. Ndiye kulowetsa winga watsopano pa 65 si chifundo chokha kwa wotulukayo, ndi chida cholimbana ndi wotchinga m'mbali wa adani amene watopa. Koma wolowayo akhale atatenthetsa thupi mokwanira, mphindi 10 kapena kuposa, ndi maliwiro angapo enieni, osati kungogwedeza miyendo kuseri kwa benchi.

Zida zoyezera liwiro mulibe, koma muli ndi wothandizira ndi cholembera. Mumpatse anthu awiri okha oti aziwayang'ana, amene m'mawa anali okayikitsa. Ajambule mabokosi asanu ndi limodzi, lililonse la mphindi 15, ndipo aike kamzere nthawi iliyonse munthuyo akathamanga liwiro lake lonse, kupita kutsogolo kapena kubwerera. Pepala la nambala 7 likhoza kuoneka chonchi: 6, 7, 6, kenako 6 atachokera kopumulira, ndiye pofika mphindi ya 70 timizere tiwiri tokha. Kutsika kumodzi kutha kukhala chifukwa choti mpira wasamukira mbali ina, choncho muphatikize ndi zimene maso akuona. Choyamba kufa ndi kubwerera: munthu amathamangira mpira kutsogolo koma timu ikautaya amabwerera akuyenda. Kenako amafika mochedwa pa mpira n'kuyamba kuchita mafaulo a chibwana. Mpira ukatuluka amaweramira manja pa mawondo. Koma dzanja likangopita kumbuyo kwa ntchafu atathamanga, musadikire kuti akweze mkono, chifukwa sakweza. Mutulutseni pa mpata wotsatira, ngakhale utakhala umene munasunga.

Tifike pa Lachisanu m'mawa, gemu yaikulu ili mawa, tione mmene nambala zimasinthira ndondomeko. Nambala 7, amene masiku onse amapereka 17, wapereka 12. Mwamufunsa, ndipo akuti munafika usiku kwambiri kuchokera ku Mchinji, Lachinayi anakwerabe kabaza chifukwa kunyumba kunalibe ndiwo, sanagone bwino. Poloza ululu wasisita ntchafu zonse, kufinya kwa masekondi asanu wanena 1. Uku ndi kutopa koyera. Lero asachite maphunziro kupatula kuyenda nawo pa makona ndi mafirikiki, adye, agone masana. Mawa ayambe, koma 90 ija itsike kufika pa 65 kapena 70, ndipo womulowa m'malo auzidwe lero. Mphindi zimene zatsalazo musathamangire kumubwezera Lachiwiri. Nambala 2 wapereka 16 pa 17 yake, ndondomeko yake ikhale momwemo. Nambala 8, amene wapuma sabata yonse, wapereka 18, koma akuti dzulo pothamanga anamva kukoka pamalo akale aja, ndipo akuloza ndi chala. Nambala yake ndi yabwino kuposa ya onse, koma ameneyu ndiye sasewera. Ndikudziwa kulemera kwa chiganizo chimenechi pa gemu imene masapota aidikira mwezi wonse. Koma mnofu umenewo ukaduka ndi masabata atatu kapena kuposa, ndipo ukaduka kachiwiri pamalo amodzi umachedwa kupola kuposa poyamba.

Nanga gemu ikakana ndondomeko? Mwatsalira 1-0 pa mphindi ya 65 ndipo nambala 7 ndiye akuvutitsa adani. Ine ndimasiyanitsa mitundu iwiri ya kusintha kolembedwa. Kusintha kosungira munthu gemu yotsatira kutha kuchedwa ndi mphindi 10 kapena 15, bola mphindizo muzichotse pa gemu yotsatirayo, ndipo mulembe pomwepo kuti musadzinamize. Kusintha koteteza munthu wochokera kovulala, kapena wa ululu wa 3 mpaka 5, sikusuntha, zigoli zikhale mmene zingakhalire. M'kope muziike zizindikiro zosiyana, ndipo wothandizira wanu akhale ndi chilolezo chokukokani malaya mphindiyo ikakwana, chifukwa gemu ikatentha kochi aliyense amaiwala zimene analemba. Mukatsogola ndi zigoli ziwiri kapena zitatu, chitani mosemphanitsa: tulutsani msanga amene ali ndi mphindi zambiri kutsogoloku, ngakhale akufuna chigoli chake chachitatu.

Masiku a pakati asakhale ndi zambiri. Pa mpata wa maola 72, tsiku lotsatira gemu oyamba apume kapena ayende pang'ono, ndipo tsiku lachiwiri, lomwe kwa ambiri ndi lophwanya thupi kwambiri, likhale la mphindi 40 za kaimidwe ndi mipira yoima. Timu ikagonja musailange ndi kuzungulira bwalo. Chakudya chifike msanga gemu ikatha, osati mukafika ku Kasungu usiku: nthochi, mbatata, thobwa ndi mazira owiritsa zikwere nawo galimoto, nsima ndi ndiwo zitsatire. Ngati mungabwereke sikelo, yezani anthu gemu isanayambe ndi itatha. Kilogalamu imodzi yotayika ndi pafupifupi lita imodzi ya thukuta, ndipo pobweza amwe lita imodzi ndi theka pa kilogalamu iliyonse m'maola otsatira. Mnyamata wa makilogalamu 65 amene wataya 2 wapitirira 2 peresenti ya thupi lake, ndipo ameneyo afunika kumwa mokwanira gemu yotsatira isanafike. Dzuwa likakhala loopsa pemphani woyimbira, gemu isanayambe, kuti pakhale kupuma komwera madzi pakati pa chigawo chilichonse, popeza malamulo amalola.

Pomaliza kulemba ndondomeko yang'anani makadi. Amene watsala ndi kadi yachikasu imodzi kuti aimitsidwe atha kukusokonezerani gemu yachitatu akaipeza pa yoyamba, popeza yachiwiri ndi ya chikho, choncho wa malo ake pa benchi apatsidwe mphindi msanga. Ku Mchinji funsani ngati mukalepherana mupita ku mapenate mwachindunji kapena pali mphindi 30 zoonjezera. Ngati zilipo, sungani anthu awiri m'malo mwa mmodzi, ndipo aliyense wa malo othamanga amene wasewera 120 Lachitatu ayambire pa benchi Loweruka.